Dashibodi Kapena Lipoti la pa Imelo: Chomwe Chimawafika Abwana Otanganidwa Ndi Chiti?

M'makampani ndi m'mabungwe ambiri muli dandaulo lofanana. Ogwira ntchito ya ziwerengero amathera masabata akukonza dashibodi, tsamba la pa kompyuta losonyeza momwe malonda, katundu ndi ndalama zikuyendera. Abwana amaiyamikira pa tsiku loionetsa, kenako mwezi umatha osaitsegulanso. Pa msonkhano amafunsabe kuti, "Kodi sabata yathayi tagulitsa zingati?" pamene yankho lakhala likuwadikira pa tsambalo.

Vuto si ulesi. Dashibodi imafuna kuti munthu aikumbukire, atsegule kompyuta, alembe pasiwedi, asankhe masiku ndi nthambi, kenako amasulire yekha zomwe akuona. Manijala amene tsiku lake limathera m'misonkhano ndi pa msewu alibe mpata wotero. Lipoti la pa imelo limamupeza pomwe ali, pa foni imene ali nayo kale m'manja. Mapulogalamu odziwika monga Power BI, Tableau, Looker Studio ndi Metabase onse amatha kuchita ziwirizi: kusonyeza dashibodi, komanso kutumiza zomwe zili pamenepo pa imelo pa nthawi yoikika. Choncho nkhani si ya pulogalamu yoti mugule. Nkhani ndi yakuti abwanawo amapanga chiganizo chanji ndi ziwerengerozo, ndipo amachipanga kangati.

Tiyerekeze kampani yogulitsa shuga, mafuta ophikira ndi sopo mopikulitsa, yokhala ndi madepoti asanu. Manijala wamkulu amaoda katundu kamodzi pa sabata, Lolemba m'mawa. Ziwerengero zosintha ola lililonse sizimuthandiza, chifukwa Lachitatu masana saoda kanthu. Chomwe akufuna ndi chithunzi cholondola cha sabata yathayo, chimufike asanakhale pansi kulemba maoda. Kwa munthu wotere, imelo ya Lolemba nthawi ya 6:30 m'mawa imaposa dashibodi iliyonse.

Koma imeloyo iyenera kulembedwa mwanzeru. Mutu wake unene kale nkhani yaikulu, mwachitsanzo kuti malonda atsika ndipo shuga watsala pang'ono kutha pa depoti ina. Ziwerengero zofunika zikhale m'kati mwa uthengawo, osati m'fayilo yomata yokha, chifukwa tebulo lalikulu la PDF limavuta kuwerenga pa foni, ndipo netiweki ikafooka fayiloyo satsitsa n'komwe. Ziwerengero zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwana, ndipo chilichonse chikhale ndi chinzake chochiyerekezera. Kunena kuti tagulitsa katundu wa K48 miliyoni sikuuza munthu kanthu. Kunena kuti tagulitsa wa K48 miliyoni pamene tinkayembekezera K55 miliyoni, ndipo sabata inayo tinagulitsa wa K53 miliyoni, kumamuuza kuti afunse mafunso lero lomwe.

Nkhani ya katundu wotsala ndiyo imaonetsa bwino kusiyana kwa chiwerengero chouma ndi chiwerengero chothandiza. Dashibodi ikhoza kusonyeza kuti depoti ina ili ndi mabelo 240 a shuga, ndipo munthu wothamanga angaganize kuti ndi ambiri. Koma ngati depotiyo imagulitsa mabelo 40 pa tsiku, shugayo atha m'masiku 6. Ngati oda imatenga masiku 7 kuti ifike, depotiyo ikhala tsiku lathunthu yopanda shuga ngakhale abwana ataoda lero. Lipoti labwino limachitiratu masamu amenewa, n'kulemba masiku otsala m'malo mwa mabelo okha.

Chitsanzo chomwechi chikusonyezanso pomwe lipoti la sabata limalephera. Shugayo atayamba kuyenda mwachangu Lachiwiri, kudikira Lolemba lotsatira n'kuchedwa. Apa mankhwala ake si kuuza abwana kuti azitsegula dashibodi tsiku lililonse, chifukwa sadzatero. Mankhwala ake ndi uthenga wochenjeza, umene umatumizidwa pokhapokha chiwerengero chikadutsa malire amene mwaika. Pa kampani yathuyi malirewo akhoza kukhala masiku 10: masiku 7 a ulendo wa katundu, ndi 3 odzitetezera. Machenjezo otere akhale ochepa. Akamabwera khumi pa tsiku, munthu amazolowera kuwadumpha, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni amadumphanso.

Nanga dashibodi ndi ya ndani? Ndi ya woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, amene amagawa magalimoto kangapo pa tsiku ndipo amakhala pa kompyuta nthawi zonse. Ndi yanso ya wowerengera ndalama, amene abwana akawerenga imelo ija amamufunsa kuti malonda atsikiranji. Iyeyo ndiye amatsegula, n'kusefa depoti ndi depoti, katundu ndi katundu, mpaka atapeza gwero. Imelo singachite zimenezi, chifukwa imangoyankha mafunso amene anaganiziridwa kale.

Tisanyengekenso ndi mawu akuti dashibodi imasonyeza zinthu momwe zilili pompano. Zambiri zimakoka ziwerengero pa nthawi zoikika. Mu Power BI, pa laisensi ya Pro, kukoka kotereku kumaloledwa mpaka kasanu ndi katatu pa tsiku. Ndiponso ngati kalaliki wa ku depoti amalowetsa malisiti madzulo okha, tsambalo likhala likusonyeza za dzulo ngakhale litakoka mphindi iliyonse.

Lipoti la pa imelo nalo lili ndi ngozi yake, ndipo ndi yoopsa chifukwa siyioneka: limafika pa nthawi yake ngakhale ziwerengero zake zili zakale. Kukoka kukalephera usiku, kapena imelo ikanyamuka kukokako kusanathe, abwana amalandira za sabata inayo zitavala deti latsopano. Power BI imaimitsa yokha kukoka kwa pa nthawi zoikika kukalephera kangapo motsatizana, komanso pakatha miyezi iwiri popanda wotsegula malipoti omangidwa pa ziwerengerozo. Nthawi nayo imasokoneza: makina ambiri amayendera nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi ndi Zambia, kotero imelo yoikidwa pa 6:30 ikhoza kufika 8:30. Chitetezo chake n'chosavuta. Siyani mpata wa ola kapena kuposerapo pakati pa kukoka ndi kutumiza. Pamwamba pa lipoti palembedwe tsiku ndi ola limene ziwerengero zinakokedwa, komanso madepoti angati mwa asanuwo alowetsa malonda awo. Malonda akaoneka kuti agwa mwadzidzidzi, yambani mwaona mzere umenewo, chifukwa kawirikawiri pamakhala kuti depoti imodzi sinalowetse.

Kumbukiraninso kuti imelo imatumizidwa kwa ena mosavuta, ndipo ikatuluka siibwezedwa. Malipiro a antchito ndi mayina a makasitomala angongole zikhale kuseri kwa pasiwedi, ndipo wantchito akachoka, dzina lake lichotsedwe pa mndandanda wa olandira tsiku lomwelo.

Musanasankhe, onani umboni. Mapulogalamu ambiri amasunga mbiri ya amene anatsegula dashibodi ndi tsiku limene anatsegula. Ngati abwana sanalowemo mwezi wathunthu, yambani kuwatumizira imelo, ndipo pansi pake muike ulalo wopita ku dashibodi. Pakatha milungu inayi, musadalire chizindikiro chakuti imelo yatsegulidwa, chifukwa mapulogalamu ena a imelo amachisokoneza. Mvetserani pa msonkhano wa Lolemba. Abwana akayamba kufunsa chifukwa chimene shuga watsalira masiku 6, m'malo mofunsa kuti tagulitsa zingati, lipotilo likugwira ntchito. Chiwerengero chilichonse chimene sanachitchulepo m'milungu inayiyo chichotseni.