Kanema wa phunziro la mwezi: momwe amapangidwira ndi pomwe amalakwika

Mphunzitsi amene ali ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya PowerPoint angathe kupanga kanema wa mphindi zitatu wofotokoza chifukwa chomwe mwezi umasinthira maonekedwe, pogwiritsa ntchito zozungulira zitatu, mivi ingapo ndi mawu ake basi. Ntchitoyi safuna katswiri wojambula makatuni. Koma kanema wotere akalakwika, cholakwikacho chimafika paliponse pamene watumizidwa, n'chifukwa chake akuluakulu amene amavomereza zipangizo zophunzitsira ayenera kudziwa poyang'ana.

Phunziro la mwezi ndi loyenera zithunzi zoyenda chifukwa chimene mwana ayenera kumvetsa ndi kayendedwe. Mwezi suwala pawokha. Nthawi zonse theka lake limawalitsidwa ndi dzuwa, ndipo pamene ukuzungulira dziko, anthu amaona gawo losiyana la theka lowalalo. Kuchokera pamene mwezi uli mumdima kufika pamene wabwereranso mumdima pamapita masiku pafupifupi 29 ndi theka. Ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu ena, amaganiza kuti mbali yakuda ya mwezi ndi mthunzi wa dziko. Kanemayo ntchito yake ndi kuchotsa ganizo limenelo, ndipo chilichonse chosathandiza pa cholingachi sichiyenera kulowamo.

Ntchito imayambira papepala, kompyuta isanayatsidwe. Mphunzitsi amagawa masekondi 180 motere: masekondi 20 a funso loyambira, masekondi 30 osonyeza kuti theka la mwezi limawala nthawi zonse, masekondi 80 oima pamalo anayi a ulendo wa mwezi, masekondi 18 osonyeza chithunzicho kuchokera m'mbali, ndi masekondi 32 omaliza omwe mwezi umazungulira kamodzi osaima. Pa gawo lililonse amajambula kabokosi kosonyeza zomwe zidzaoneke, ndipo pambali pake amalemba mawu omwe adzanenedwe.

Mawuwo amawerengedwa mokweza wotchi ili m'manja, kenako amajambulidwa zithunzi zisanayambe kuyendetsedwa. Chifukwa chake n'chakuti kuchedwetsa chozungulira kuti chidikire mawu n'kosavuta, pamene kuthamangitsa mawu kuti apeze chithunzi kumachititsa kuti ana asamve. Foni ya m'manja ndi yokwanira kujambulira mawu, malinga ngati chipindacho chili cha phee. Chipinda chokhala ndi makatani kapena mabuku ambiri chimaposa kalasi yopanda kanthu, momwe mawu amabwerera kuchokera m'zipupa.

Kutalika kwa mphindi zitatu sikongosankha. Kafukufuku yemwe Philip Guo, Juho Kim ndi Rob Rubin adatulutsa m'chaka cha 2014, ataunika maulendo 6.9 miliyoni omwe anthu adaonera makanema a maphunziro a edX, adapeza kuti chidwi chimatsika kwambiri kanema akapitirira mphindi zisanu ndi imodzi. Amenewo anali ophunzira odzisankhira okha maphunzirowo, osati ana a ku pulayimale odzadza m'kalasi masana.

Pa silaidi yakuda, dzuwa limaikidwa kumanzere, lachikasu, ndipo mivi itatu yowongoka imasonyeza kuwala kukupita kumanja. Dziko limakhala pakati. Mwezi ndiwo umafuna luso pang'ono, chifukwa umapangidwa ndi zidutswa ziwiri: chozungulira choyera, ndi theka lotuwa moderapo lomwe limaphimba mbali ya kumanja. Thekalo limapezeka poika bokosi pamwamba pa theka la chozungulira china, kusankha chozunguliracho poyamba ndi bokosilo pambuyo, kenako Merge Shapes ndi Subtract. Zidutswa ziwirizo zimamangidwa pamodzi ndi Group kuti ziziyenda ngati chinthu chimodzi.

Apa ndi pamene makanema ambiri opangidwa mothamanga amagwera. Pali njira ziwiri zozungulitsira mwezi. Wina amamanga mwezi ndi dziko pamodzi n'kuika Spin, ndipo zonse zimatembenuka ngati gudumu. Pamaso zimaoneka bwino, koma theka lowala limatembenukira limodzi, kotero kuti mwezi ukafika kumanja kwa dziko mbali yowala imakhala yafulatira dzuwa. Kanemayo amakhala waphunzitsa bodza. Njira yolondola ili pa Animations, pansi pa Motion Paths, posankha Shapes ndi kukulitsa njira yozungulirayo kuti izinge dziko. Njira imeneyi imasuntha chinthu popanda kuchitembenuza, choncho theka loyera limayang'anabe kumanzere ulendo wonse. Woyendera angazindikire cholakwikachi poimitsa kanemayo paliponse ndi kuona ngati mbali yowala ikuyang'ana dzuwa.

Pa gawo lomaliza, Duration imaikidwa pa masekondi 32. Nambalayi ndi yabwino chifukwa imagawika kasanu ndi katatu, ndipo masekondi anayi aliwonse amaimira masiku pafupifupi 3.7. Pulogalamuyi imakonda kuyambitsa chinthu pang'onopang'ono, kuchithamangitsa pakati ndi kuchichedwetsa kumapeto. Zimenezi zimakongoletsa mitu ya nkhani, koma pano zimasokoneza masamu onse, motero Smooth start ndi Smooth end, zomwe zimapezeka mu Effect Options, ziyenera kubwezedwa pa 0.

Pakona ya kumanja pamakhala kabokosi kosonyeza mwezi momwe munthu woima pabwalo la sukulu angauonere. Muli zithunzi zisanu ndi zitatu zosanjikizana, chilichonse chokhala ndi kumbuyo kwakuda kuti chiphimbe chinzake. Chilichonse chimapatsidwa Appear ndi With Previous, ndipo Delay yake imakhala 0, 4, 8, mpaka 28. Mwezi ukafika pa theka la ulendo, pa sekondi ya 16, m'kabokosimo muyenera kutulukira mwezi wathunthu. Ngati watulukira mwezi usanafike kapena utadutsa kale, ndiye kuti Smooth start kapena Smooth end idaiwalika.

Kabokosi kameneka kali ndi nkhani yomwe imakhudza dziko lino mwachindunji. Zithunzi zambiri za m'mabuku a ku Ulaya ndi ku Amereka zimasonyeza mwezi womwe ukukula utawala mbali ya kumanja, chifukwa ndi momwe umaonekera kumpoto kwa dziko lapansi. Malawi ali kummwera kwa ikweta. Kuno mwezi ukangooneka kumadzulo dzuwa litalowa, umawala chakumunsi ngati kambale, ndipo ukafika theka kawirikawiri umawala chakumanzere. Mphunzitsi amene wangokopera chithunzi chakunja amatuma ana kukayang'ana kumwamba madzulo, ndipo iwo amakapeza zosiyana ndi za m'kalasi.

Kukonza kwake n'kosavuta. Dzuwa likakhala kumanzere, mwezi uyambire pakati pa dzuwa ndi dziko n'kukwera m'mwamba, kutsata momwe mivi ya wotchi imayendera. Umu ndi momwe ulendowo umaonekera munthu akauyang'ana kuchokera kummwera, ndipo mbali yowala m'kabokosi imagwera kumanzere mogwirizana ndi chithunzi chachikulu. Ngati mwezi ukuyenda mobwerera, Reverse Path Direction imautembenuza.

Pali bodza lina lomwe silingapewedwe, koma liyenera kuululidwa. Dziko ndi lalikulu makilomita 12,742 kudutsa pakati, mwezi makilomita 3,474, ndipo pakati pa ziwirizi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 384,400, womwe ndi maiko 30 atandandalikidwa. Dziko likajambulidwa masentimita 4, mwezi uyenera kukhala sentimita imodzi ndi pang'ono, n'kuikidwa pamtunda wa masentimita 120, pamene silaidi yonse m'litali mwake sikwana masentimita 34. Choncho mwezi umayandikizidwa mwadala.

Zotsatira zake n'zakuti mwezi ukafika kumanja umaoneka ngati wabisala kuseri kwa dziko. Mwana wochenjera amafunsa chifukwa chake ukuwala wathunthu m'malo mophimbidwa ndi mthunzi, ndipo funso lake ndi lanzeru: zikanakhala monga chithunzicho chikusonyezera, kadamsana akanachitika mwezi ndi mwezi. Masekondi 18 aja ndi oyankha zimenezi. Silaidi yake imaonetsa dziko kuchokera m'mbali, mthunzi wake wopyapyala utaloza kumanja, ndipo njira ya mwezi itapendekeka ndi madigiri pafupifupi 5. Miyezi yambiri mwezi umadutsa pamwamba kapena pansi pa mthunziwo. Gawo limeneli ndi lomwe limadulidwa msanga nthawi ikachepa, pamene ndi lomwe limasiyanitsa kadamsana ndi kusintha kwa mwezi.

Za zolembedwa pa silaidi, katswiri wa maphunziro Richard Mayer wa ku yunivesite ya California ku Santa Barbara, yemwe adatulutsa buku lake la nkhaniyi m'chaka cha 2001, adasonyeza kuti ophunzira amamva bwino chithunzi chikamayenda pamodzi ndi mawu olankhulidwa, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pachithunzipo. Maso sangawerenge chiganizo uku akutsata mwezi. Mayina atatu okha, dzuwa, dziko ndi mwezi, olembedwa pafupi ndi zinthuzo m'zilembo zazikulu, ndi okwanira. Nyimbo zapansipansi ndi nyenyezi zothwanima zimasangalatsa wopanga yekha.

Potulutsa kanemayo amapita pa File, Export, kenako Create a Video. Apa ayenera kusankha Use Recorded Timings and Narrations, atayeseza kale kanema yense ndi Rehearse Timings, apo ayi pulogalamuyi imagwiritsa ntchito nthawi yakeyake yomwe imayambira pa masekondi 5 pa silaidi iliyonse, ndipo kupuma komwe mphunzitsi adakonza kumatayika. Kukula kwa HD (720p) ndi kokwanira pa zozungulira ndi mivi. Kanema wa masekondi 180 akapanikizidwa pa megabiti imodzi pa sekondi, zomwe pulogalamu yaulere ya HandBrake imatha kuchita, amalemera mamegabaiti pafupifupi 23, ndipo zimenezi zimathandiza sukulu zomwe zimalandira zinthu kudzera pafoni. Omwe alibe PowerPoint angapange zoyenda zomwezi mu LibreOffice Impress, yomwe ndi yaulere, koma iyo situlutsa kanema payokha ndipo pamafunika kujambula sikirini pamene masilaidi akuyenda.

Kuyesa komaliza kumachitikira m'kalasi momwe, masana, woyesayo atakhala pa benchi yakumbuyo. Theka lotuwa lomwe limaoneka bwino mu ofesi limatha kusowa pakhoma lowala, mwezi n'kuoneka ngati wadulidwa pakati, choncho ndi bwino kuuzinga ndi mzere woyera wopyapyala. Kenako ana ochepa omwe sanaphunzirepo mutuwu amaonetsedwa kanemayo kamodzi, n'kupatsidwa pepala la dzuwa ndi dziko lokha kuti ajambule pamene mwezi umakhala ukakhala wathunthu. Mwana amene waujambula pakati pa dzuwa ndi dziko, ponena kuti pafupi ndi dzuwa ndi pomwe umawala kwambiri, wasonyeza kuti kabokosi ka pakona ndi chithunzi chachikulu sizinalumikizane m'mutu mwake, ndipo masekondi 80 oima pamalo anayi aja ayenera kukonzedwanso kanemayo asanatumizidwe ku sukulu zina.