Foni Yanu Ilibe Vayirasi, Mungolanda Chilolezo Chimene Munapereka

Pali mauthenga ena amene amatera pamwamba pa sikirini ya foni usana ndi usiku. Wina akuti foni yanu yagwidwa ndi mavayirasi 5, wina akuti mwapata mphoto, wina ndi chithunzi cholaula chimene chingakuchititseni manyazi foni ikakhala m'manja mwa mwana. Mukawafufuta amabweranso. Anthu ambiri akafika apa amathamangira kwa okonza mafoni kukafulashitsa, n'kutaya ndalama pamodzi ndi zithunzi zawo zonse. Koma nthawi zambiri foniyo imakhala ilibe vuto lililonse. Chimene chinachitika n'chakuti tsiku lina webusaiti inapempha chilolezo chotumiza mauthenga, inu n'kudina `Allow`.

Musadziimbe mlandu kwambiri, chifukwa msamphawo anautchera mwaluso. Mukufuna nyimbo, filimu kapena kuonera mpira mwaulere, tsamba likulemba kuti mudine `Allow` kusonyeza kuti sindinu loboti, kapena kuti vidiyo iyambe. Ndi bodza lenileni. Batani limeneli silitsegula vidiyo ndipo siliyesa ngati ndinu munthu. Ntchito yake ndi imodzi basi: kulola webusaitiyo kuti izikutumizirani mauthenga.

Chrome inayamba kulola mauthenga otere mu 2015, ndipo cholinga chinali chabwino, kuti tsamba la nkhani kapena la imelo lizikudziwitsani zatsopano. Mukalola, webusaiti imasiya kapulogalamu kakang'ono mkati mwa bulawuza, ndipo bulawuzayo imaipatsa adiresi yotumizirako mauthenga. Kuyambira pamenepo uthenga umachoka kwa mwini webusaiti, n'kudzera pa makompyuta a Google, n'kufika pa foni yanu. N'chifukwa chake kutseka tsambalo sikuthandiza, kuzimitsa foni n'kuyatsanso sikuthandiza, ngakhale kufufuta mndandanda wa masamba amene munatsegula sikuthandiza. Chilolezocho chimasungidwa pamalo pakepake, ndipo nthawi zambiri chimakhalabe pomwepo mpaka mutachichotsa nokha.

Choyamba n'kudziwa amene akutumiza. Uthenga ukafika musaudine, ingouyang'anitsitsani. Pamwamba pake pamalembedwa timawu ting'onoting'ono: dzina la bulawuza, monga Chrome, ndi dzina la webusaiti. Uthengawo ukhoza kukhala ndi chizindikiro cha McAfee kapena Norton, makampani odziwika a mapulogalamu oteteza ku mavayirasi, koma timawu tija sitinama. Ngati pakuoneka Chrome ndi dzina lachilendo la zilembo zosakanikirana, dziwani kuti ndi webusaiti chabe, ndipo webusaiti ilibe mphamvu yofufuza mavayirasi m'foni mwanu.

Mlamu wanga anabwera ndi Tecno yake ali ndi nkhawa, akuti foni ikuuza kuti batire lawonongeka ndi vayirasi. Tinadikira uthenga wina, ndipo utafika tinaupanikiza ndi chala kwa kamphindi osachotsa. Panatuluka dzina la webusaiti imodzi lothera ndi `.xyz` ndi batani lozimitsira mauthenga ake. Tinazimitsa. Koma sitinalekere pomwepo, chifukwa amene wakodwa kamodzi kawirikawiri amakhala atakodwa kangapo: masamba amenewa amakuponyerani ku tsamba lina, linanso n'kupempha chilolezo chake. Tinatsegula Chrome, kudina timadontho titatu ta pakona yakumanja, kenako `Settings`, `Site settings`, `Notifications`. Pansi pa mawu akuti `Allowed` panali mawebusaiti 7. Mlamu anazindikirapo imodzi yokha, ya nkhani zamasewera, ndipo tinaisiya. Zina 6 tinazidina imodziimodzi n'kuzimitsa mauthenga ake, zonse n'kusamukira pansi pa `Blocked`. Ntchito yonse sinakwane mphindi 5, ndipo palibe chithunzi kapena nambala imene inatayika.

Pamenepa pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse, chifukwa ndi pamene ambiri amaphonya. Kuchotsa webusaiti pa mndandanda n'kosiyana ndi kuitsekera. Pa kompyuta kusiyanaku kumaoneka bwino. Lembani izi pamalo olembapo adiresi mu Chrome:

```
chrome://settings/content/notifications
```

Pambali pa webusaiti iliyonse yololedwa pali timadontho titatu, ndipo mukadina mumaona `Block` ndi `Remove`. Mukasankha `Remove`, mauthenga amasiya ndithu, koma bulawuza imaiwala webusaitiyo, moti mukadzafikakonso idzapemphanso ngati mlendo watsopano. Mukasankha `Block`, bulawuza imasunga dzinalo ndipo sililoledwanso ngakhale kupempha. Kwa tsamba limene linakunamizani, sankhani `Block` nthawi zonse. Pa foni, batani lofufuta zonse za webusaiti, limene m'mafoni ena limalembedwa `Clear & reset`, limagwira ntchito ngati `Remove`.

Pa tsamba lomwelo pali posankha kuti mawebusaiti asamapemphenso n'komwe. Pa kompyuta pamalembedwa `Don't allow sites to send notifications`, ndipo pa foni ndi batani la pamwamba penipeni. Ine ndimalangiza aliyense kuti atseke pamenepa, makamaka pa foni ya makolo kapena imene ana amaseweretsa. Simutaya kanthu, popeza WhatsApp, Facebook ndi mameseji wamba sizidzera mu bulawuza. Koma dziwani kuti kutseka pamenepa kumaletsa zopempha zatsopano zokha. Mawebusaiti amene ali kale pa mndandanda wa ololedwa amapitiriza kutumiza, choncho yambani mwayeretsa mndandandawo.

Ena amangopita ku `Settings` ya foni n'kuzimitsa mauthenga onse a Chrome. Phokoso limatha, koma zilolezo zimakhala zikadalipo, ndipo simudzaonanso uthenga wokuuzani kuti fayilo imene mumakopera yatha kulowa.

Ngati mndandanda wa Chrome uli woyera koma mauthenga akubwerabe, onaninso dzina la bulawuza pa uthengawo. Mafoni ambiri amakhala ndi mabulawuza awiri kapena atatu, monga Samsung Internet, Opera kapena Phoenix, ndipo iliyonse imasunga zilolezo zake payokha. Pa Edge adiresi yake ndi `edge://settings/content/notifications`, pomwe pa Firefox ya pakompyuta mupite ku `Settings`, `Privacy & Security`, `Permissions`. A iPhone vutoli siliwapeza kawirikawiri, chifukwa kuyambira mu 2023 pamene Apple inalola mauthenga otere, amachokera ku mawebusaiti okhawo amene mwiniwake anawaika pa sikirini yoyamba ya foni.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ngati zotsatsa malonda zikudzaza sikirini yonse muli pakati poimba foni kapena polemba meseji, popanda dzina la bulawuza paliponse, ameneyo si webusaiti. Ndi apu imene inalowa m'foni, mwina pamene munadina uthenga wina wonena za vayirasi n'kuvomera kuika pulogalamu yoti ndi yoyeretsa foni. Pitani ku `Settings`, kenako `Apps`, muchotse apu iliyonse yachilendo imene inalowa masiku amene vutoli linayamba.

Chilolezo cha mauthenga pachokha sichipatsa webusaiti mwayi woona zithunzi zanu, manambala a anzanu kapena ndalama zanu. Choopsa chimayamba mukadina uthenga n'kulemba zinthu pa tsamba limene latseguka. Ngati munalembapo pasiwedi ya Facebook kapena ya imelo, nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, kapenanso manambala a khadi la kubanki, musadikire kuti muone ngati china chichitike. Sinthani pasiwedi ndi nambala yachinsinsiyo lero lomwe, ndipo za khadi muimbire banki yanu ilitseke.