KUWERENGA PANGANO LOGULIRA NYUMBA: MASIKU, UMWINI NDI CHILANGO CHA KUCHEDWA

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amenewa amayenera kwambiri munthu amene wapatsidwa chikalata cha pangano logulira nyumba kuti asainire. Ambiri amangoyang'ana dzina lawo, nambala ya puloti ndi mtengo, kenaka n'kutola cholembera. Koma nyumba ikamagulidwa polipira m'zigawo, tsogolo la ndalama za wogula limagona m'ndime zitatu: ndime ya masiku olipirira, ndime ya kusintha umwini, ndi ndime yonena zochitika wogula akachedwa. Ndime zitatuzi ziyenera kuwerengedwa pamodzi, pakuti iliyonse imasintha tanthauzo la inzake.

Chitsanzo chothandiza n'cha mayi wina, mphunzitsi amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo wapeza nyumba ku Nkolokosa mumzinda wa Blantyre. Mtengo wake ndi K24,000,000. Pangano likuti alipire K6,000,000 pa tsiku losaina, Lachisanu pa 28 Febuluwale 2025, ndipo zotsalazo azilipire m'zigawo zitatu za K6,000,000: pa 31 Meyi, pa 31 Ogasiti ndi pa 30 Novembala. Zigawo ziwiri zoyamba ali nazo kale m'manja chifukwa adagulitsa munda ndipo adatenga ngongole. Ziwiri zomalizazo akuyembekeza kuzichotsa pa ndalama zopumira pa ntchito, zimene tsiku lake lotulukira sali nalo mphamvu.

Masiku olipirira

Chinthu choyamba chimene mphunzitsiyu ayenera kuchita n'kutenga kalendala. Akatero apeza kuti pa 31 Meyi 2025 ndi Loweruka, pamene pa 31 Ogasiti ndi pa 30 Novembala ndi Lamulungu. Ngati pangano silinanene kanthu za masiku otere, mkangano wayamba kale: wogulitsa adzati ndalama zimayenera kufika Lachisanu, wogula adzati Lolemba. Mzere umodzi wokha, wonena kuti tsiku likagwa pa Loweruka, Lamulungu kapena pa holide ndalama zidzalipidwa tsiku lantchito lotsatira, umathetsa nkhani yonseyi isanabadwe.

Chachiwiri, pangano liyenera kumasulira mawu oti "kulipira". Kodi wogula walipira pamene watumiza ndalama ku banki yake, kapena pamene ndalamazo zaoneka m'buku la wogulitsa? Mabanki ali ndi malire a ndalama zimene munthu angatumize pa tsiku limodzi kudzera pa lamya. Wogula amene wayamba kutumiza K6,000,000 madzulo a tsiku lomaliza akhoza kupezeka wochedwa ngakhale ndalama anali nazo. Nambala ya akaunti yolandirira ndalama ilembedwenso m'pangano momwemo, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi lisiti lake losainidwa, lonena zimene zalipidwa ndi zimene zatsala.

Chachitatu, aone ngati mtengowo ndi wokhazikika. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Wogulitsa amene akudikira ndalama zake miyezi isanu ndi inayi amakumbukira zimenezi, ndipo mwina angaikemo mawu omulola kukweza mtengo. Wogula akaona mawu otere afunse kuti mtengowo udzakwera motani ndipo malire ake ndi ati.

Kusintha umwini

Kulipira ndalama zonse sikusandutsa munthu mwini nyumba. Pa malo olembedwa m'kaundula motsata lamulo la malo olembetsedwa la 1967, umwini umasintha pamene dzina la wogula lalembedwa m'kaundula wa malo. Kufikira tsiku limenelo, ngakhale wogula atalandira makiyi n'kupaka nyumbayo penti watsopano, boma limadziwa wogulitsa.

N'chifukwa chake ntchito imayambira ku ofesi ya kaundula wa malo, ndalama isanatuluke. Wogula kapena loya wake amapempha kuti afufuze nambala ya maloyo, ndipo yankho lake limaonetsa dzina la mwini wake, ngati malowo ndi a lizi ndi zaka za liziyo, komanso ngati nyumbayo idaikidwa chikole ku banki kapena pali wina amene adaikapo chiletso. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsa. Ngati ndi dzina la malemu, ana ake sangagulitse pongonena kuti nyumba ndi ya bambo awo. Payenera kuoneka kalata za khoti zopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Nyumba zambiri za m'malokeshoni zilibe mapepala a mtundu umenewu, ndipo kumeneko wogula amayamba wafunsa kwa amene amasunga mabuku a mapulotiwo.

Pambuyo pake pali masitepe amene pangano labwino limawatchula limodzilimodzi. Ngati malowo ndi a lizi, mwini nthaka, kaya ndi boma kudzera ku unduna wa za malo kapena bungwe la Malawi Housing Corporation, ayenera kuvomereza kuti liziyo ipite kwa munthu wina, ndipo lendi ya nthaka imene idatsalira iyenera kulipidwa. Msonkho wa nyumba ku khonsolo ya mzinda uyenera kukhala wopanda ngongole. Pamafunikanso chikalata cha bungwe lotolera misonkho la MRA chotsimikiza kuti za msonkho zili bwino. Kenaka chikalata chosinthira umwini chimasainidwa pamaso pa mboni yovomerezeka, msonkho wa sitampa umalipidwa, ndipo chikalatacho chimaperekedwa ku kaundula.

Pa sitepe iliyonse wowerenga pangano afunse mafunso awiri: achite ndani, ndipo pofika liti? Mapangano ambiri amalemba masiku a wogula mosamala kwambiri, koma za wogulitsa amangoti adzasintha umwini "ndalama zonse zikadzatha kulipidwa". Mawu amenewa alibe tsiku. Mphunzitsi uja akanachita bwino kupempha kuti wogulitsa ayambe kufunsira chilolezo chigawo chachiwiri chikangolipidwa, ndi kuti chigawo chomaliza chisungidwe ndi loya mpaka mapepala onse atakwanira. Lamulo limalolanso munthu amene ali ndi gawo pa malo, monga wogula amene wayamba kulipira, kulembetsa chiletso m'kaundula kuti nyumbayo isagulitsidwe kwa wina kapena kuikidwa chikole iye asakudziwa. Kwa munthu wolipira miyezi isanu ndi inayi, chiletsochi ndicho mpanda wake.

Wogula akachedwa

Tsono pafike pa 31 Ogasiti ndalama zopumira pa ntchito zisanatuluke. Mayiyu walipira kale K12,000,000, theka la mtengo. Chimene chimuchitikire chili m'mawu ochepa chabe.

Pangano lingathe kunena kuti wochedwa adzalipira chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi. Funso n'lakuti: pa ndalama ziti? Ngati ndi pa chigawo chochedwacho, cha K6,000,000, ndiye kuti ndi K180,000 pa mwezi. Ngati ndi pa ngongole yonse yotsala, ya K12,000,000, ndi K360,000. Kawerengedwe kake nakonso n'kofunika. Powerenga tsiku ndi tsiku, K180,000 pa mwezi wa masiku 30 ndi K6,000 pa tsiku, kotero kuchedwa masiku 10 kudya K60,000. Koma ngati palembedwa kuti "mwezi kapena gawo la mwezi", masiku 10 omwewo adya K180,000 yathunthu.

Choopsa choposa chiwongoladzanja ndi mphamvu yothetsa pangano. Mapangano ena ali ndi mawu onena kuti kusunga nthawi ndiwo mutu wa panganolo. Mawu amenewa amaoneka ngati mwambi chabe, koma kwa maloya amatanthauza kuti kuchedwa ngakhale tsiku limodzi kumapatsa wogulitsa ufulu wothetsa zonse. Pangano lachilungamo limati wogulitsa ayambe walemba kalata yochenjeza, yopatsa wogula masiku odziwika, monga 14 kapena 30, kuti akonze cholakwacho. Liyeneranso kunena kumene kalatayo idzatumizidwe, pakuti masikuwo akhoza kutha kalata ili m'bokosi la ku positi ofesi limene wogula adasiya kutsegula.

Pangano likatha, ndalama zolipidwa kale zipita kuti? Pano mpofunika kusiyanitsa dipoziti ndi zigawo za mtengo. Malamulo a mapangano amene makhoti a m'dziko muno adatengera ku Mangalande amaona dipoziti ngati chikole chosonyeza kuti wogula watsimikiza mtima, ndipo wogula akalephera, kawirikawiri dipozitiyo imatsala kwa wogulitsa. Zigawo za mtengo, ngati pangano silinanene mwina, zimayenera kubwezedwa, wogulitsa atachotsapo zimene wataya. Choncho dzina limene lapatsidwa K6,000,000 yoyamba ija si nkhani yaing'ono. Pangano likati wogulitsa adzasunga 10 peresenti ya mtengo, mphunzitsiyu ataya K2,400,000 ndi kulandira K9,600,000. Likati K6,000,000 yonse ndi dipoziti, ataya yonseyo. Likati "ndalama zonse zolipidwa sizidzabwezedwa", ndiye kuti K12,000,000 ili pa moto pamodzi ndi nyumba. Khoti likhoza kumva dandaulo lakuti chilango chotere chapyola muyezo, koma mlandu umadya ndalama ndi nthawi, ndipo palibe amene angalonjeze mathero ake. Ngakhale kubwezako kuyenera kukhala ndi tsiku, chifukwa mawu oti "nyumba ikadzagulidwa ndi wina" angatanthauze zaka.

Pali msampha wina umene umakola anthu aulemu. Wogula amapita kwa wogulitsa n'kunena kuti, "Bambo, ndalama zachedwa, mundidikireko pang'ono." Wogulitsa n'kuyankha kuti, "Musadandaule, aphunzitsi, tonse ndife anthu." Mawuwa ndi okoma, koma mapangano ambiri ali ndi ndime yonena kuti kusintha kulikonse kukhale kolembedwa ndi kosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Wogulitsayo akadzapeza wina wopereka mtengo wokwera, kapena akamwalira nkhani n'kugwera m'manja mwa abale ake, chotsala ndi pepala lokha. Kotero wogula akangoona kuti achedwa, alembe kalata tsiku lisanakwane, atchule tsiku latsopano, ndipo wogulitsa asainire kuti wavomera.

Asanasaine

Zonsezi zimakonzedwa pangano lisanasainidwe, pamene mbali zonse ziwiri zikufunana. Mphunzitsi uja, podziwa kuti tsiku la ndalama zake silili m'manja mwake, akanapempha kuti zigawo ziwiri zomaliza zisunthidwe, kapena kuti apatsidwe masiku 30 a chenjezo ndi chiwongoladzanja chowerengedwa tsiku ndi tsiku pa chigawo chochedwa chokha. Loya amene walemba pangano m'malo mwa wogulitsa amateteza wogulitsayo. Wogula ali ndi ufulu wotenga chikalatacho kupita nacho kunyumba, kuchiwerenga ndi kalendala pambali, ndi kukachionetsa kwa loya wakewake. Ndalama yolipira loyayo ndi yochepa poiyerekeza ndi K12,000,000. Wogulitsa amene akukana kuti chikalata chigone kunja usiku umodzi wapereka kale chifukwa chokwanira chochiwerengera kawiri. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.