Ngodya ya chipinda ndi masamu a Jacobi

Tiyerekeze kuti mmisiri wa zomangamanga wauzidwa zinthu ziwiri zokha za chipinda cha ngodya zinayi zowongoka. Choyamba, malo ake onse apansi akhale masikweya mita 12. Chachiwiri, chingwe chokokedwa mopingasa kuchoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo chikhale mamita 5. Kodi mulitali ndi mulifupi zikhala zotani?

Mulitali tiutche x, mulifupi tiutche y. Lamulo la Pythagoras likutipatsa ikweshoni yoyamba, kukula kwa malo kukutipatsa yachiwiri:

```
f = x² + y² − 25 = 0
g = xy − 12 = 0
```

Amisiri ambiri yankho alidziwa kale, popeza 3, 4 ndi 5 ndi manambala omwe amawongolera ngodya pokumba maziko. Ndasankha samu imeneyi dala, kuti tizitha kuona ndi maso ngati njira yathu ikuyandikira x = 4 ndi y = 3 kapena ikusochera. Masamu enieni amene njirayi inapangidwira sakhala ndi yankho lodziwika chonchi.

Chovuta n'chakuti maikweshoni awiriwa akajambulidwa pa pepala sapereka mizere yowongoka. Yoyamba imajambula bwalo lozungulira, yachiwiri mzere wokhota. Kupeza pamene mizere iwiri yowongoka yakumana ndi samu ya ku sekondale, koma mizere yokhota ilibe njira imodzi yachidule. Nzeru ya njira ya tanjenti ndi iyi: chinthu chokhota ukachiyang'ana pa kachigawo kakang'ono chimaoneka chowongoka. Choncho timayamba ndi kungoganizira yankho, n'kuchita ngati pamalo pamenepo zonse n'zowongoka, n'kuwerengera samu yosavutayo, kenako n'kusuntha. Tikafika pamalo atsopano timabwerezanso.

Isaac Newton analemba za njira yotere cha m'ma 1669, ndipo Joseph Raphson anaifewetsa mu 1690, koma onsewa ankalimbana ndi ikweshoni imodzi. Amene anaonetsa mmene ingagwirire pa maikweshoni awiri ndi Thomas Simpson, mu 1740, ngakhale dzina lake silitchulidwa kawirikawiri.

Pa ikweshoni imodzi funso limakhala limodzi: x akasuntha pang'ono, zotsatira zisintha motani? Pa maikweshoni awiri mafunso amakhala anayi, chifukwa f ndi g aliyense amamva kusuntha kwa x komanso kwa y. Mayankho anayiwo amaikidwa m'kabokosi ka mizere iwiri kotchedwa matiriki ya Jacobi, potengera dzina la Carl Jacobi, katswiri wa masamu wa ku Germany amene anakhala ndi moyo kuyambira 1804 mpaka 1851. Pa samu yathu kabokosiko ndi aka:

```
J = | 2x   2y |
    |  y    x |
```

Mzere wam'munsi ndi wosavuta kuumvetsa. Mukawonjezera mulitali pang'ono, malo amakula ndi kachigawo kotalika ngati mulifupi, n'chifukwa chake pansi pa x pali y. Mukawonjezera mulifupi, kachigawoko kamatalika ngati mulitali. Mzere wapamwamba ukunena zofananazo za chingwe chopingasa chija.

Tiyambe ndi x = 5, y = 2. Apa f = 25 + 4 − 25 = 4, ndipo g = 10 − 12 = −2. Ndiye kuti chingwe chatalika mopitirira, pamene malo achepa. Tikufuna kusuntha x ndi mlingo a, y ndi mlingo b, kuti zolakwika ziwirizi zifafanizike pamodzi. Tikaika 5 ndi 2 m'kabokosi muja, timapeza maikweshoni awiri owongoka:

```
10a + 4b = −4
 2a + 5b =  2
```

Chulukitsani yachiwiri ndi 5, muchotsere yoyamba. Patsala 21b = 14, choncho b = 0.6667 ndipo a = −0.6667. Malo athu atsopano ndi x = 4.3333, y = 2.6667. Sitinafike, chifukwa tinayenda ngati mizere ndi yowongoka pamene ndi yokhota, koma f watsika kufika 0.8889 ndipo g wafika −0.4444.

Tsopano timawerengeranso kabokosi ndi manambala atsopanowa, osati akale aja. Ulendo wachiwiri ukutifikitsa pa x = 4.0667, wachitatu pa 4.0039, wachinayi pa 4.000015. Nayenso y akukwera mofanana, kulunjika ku 3. (Kuti a ndi b azifanana kukula chonchi n'chifukwa chakuti 5 ndi 2 akaphatikizidwa amapereka 7, monganso 4 ndi 3. Mukayambira pena sizikhala choncho.)

Taonani mmene mtunda wotsala ukuchepera: 0.33, kenako 0.067, kenako 0.0039, kenako 0.000015. Chulukitsani 0.0039 ndi mwini wake, mupeza pafupifupi 0.000015. Chimenechi ndiye chizindikiro cha njirayi ikamayenda bwino: mukayandikira yankho, manambala olondola amawirikiza kawiri pa ulendo uliwonse. Amene akulemba pulogalamu ya kompyuta akaona kuti zolakwika zikungochepa pang'onopang'ono, ayambe wakayikira kabokosi kake, chifukwa nambala imodzi yolakwika mmenemo imachedwetsa zonse popanda kuonekera poyera.

Komabe njirayi imapunthwa, ndipo chipinda chathu chikutionetsa popunthwira pake penipeni. Munthu woganiza bwino angathe kunena kuti tiyambe ndi chipinda chofanana mbali zonse, x = 3.5 ndi y = 3.5. Zikuoneka zanzeru, popeza f = −0.5 ndi g = 0.25 ndi zolakwika zazing'ono kuposa zimene tinayamba nazo. Koma maikweshoni owongoka akutuluka motere:

```
  7a +   7b =  0.5
3.5a + 3.5b = −0.25
```

Yachiwiri mukaichulukitsa ndi 2 ikunena kuti 7a + 7b = −0.5, pamene yoyamba ikuti 0.5. Zonse ziwiri sizingakhale zoona. Mizere iwiri yowongokayo yayenda moyandikana osakumana, ndipo palibe kosunthira. Pali nambala yochenjeza zimenezi, yotchedwa ditaminanti: chulukitsani manambala a m'kabokosi mopingasa, n'kuchotsera. Pa samu yathu ndi 2x² − 2y², imene imakhala 0 nthawi zonse x akafanana ndi y.

Choopsa kwambiri si 0 weniweniyo, poti pamenepo kompyuta imaima n'kudandaula. Choopsa ndi kukhala pafupi naye. Yambani ndi 3.51 ndi 3.49, ulendo umodzi wokha ukuponyerani ku x = 16 ndi y = −9, chipinda cha mulifupi wosakwana ziro. Pa samu ino njirayi imabwererako pang'onopang'ono, koma pa masamu ena sibwerera. N'chifukwa chake akatswiri amafupikitsa phazi: akaona kuti malo atsopano akulitsa zolakwika, amayenda theka lokha la a ndi b, n'kuyesanso.

Mayankho a samu yathu aliponso anayi, osati limodzi. Kuwonjezera pa 4 ndi 3 pali 3 ndi 4, ndiponso awiri ena a manambala osakwana ziro. Mukayambira pa x = 2, y = 5 mukathera pa 3 ndi 4, ndipo njirayi siikuuzani kuti kwina kulinso ena. Poyambira ndi pamene pamasankha pofikira.

Nanga mwini nyumba akanati malo akhale masikweya mita 13, chingwe chikhalebe mamita 5? Chipinda chotere kulibe, chifukwa chingwe cha mamita 5 chimalola masikweya mita 12.5 basi, osapitirira. Njira ya tanjenti siidziwa zimenezo. Imangodumphadumpha uku ndi uko osakhazikika, ndipo n'chifukwa chake pulogalamu iliyonse yabwino imaikiratu malire a maulendo, ndiponso isanalengeze yankho imaona zinthu ziwiri: kuti f ndi g ayandikira 0, komanso kuti a ndi b achepetsetsa. Akatswiri owerengera kayendedwe ka magetsi m'mawaya a dziko lonse amagwiritsa ntchito njira yomweyi pa maikweshoni masauzande, ndipo manambala akakana kukhazikika amafufuza zonse ziwiri, ngati anayambira polakwika kapena ngati mawayawo apatsidwa katundu woposa amene angasenze.