Siginecha Imene Imaulula Kontirakiti Ikasinthidwa

M'maofesi ambiri, kontirakiti ikabwera pa imelo, munthu amasayina pa pepala loyera, n'kujambula ndi foni, kenako n'kumata chithunzicho kumapeto kwa fayilo ya PDF. Pamaso zimaoneka zolongosoka. Koma chithunzi chija sichigwirana ndi mawu alionse a m'chikalatacho, ndipo aliyense amene wachilandira angathe kuchikopera n'kukachiika pa chikalata china.

Tiyerekeze wamalonda wina wasayina kuti apereka matumba 200 a chimanga kusukulu yogonera konko. Munthu wachinyengo atsegula fayiloyo, asintha 200 kukhala 260, kapena aikamo nambala ina ya akaunti ya kubanki. Chithunzi cha siginecha chikhala pomwe chinali, osaonetsa chilichonse. Mkangano ukabuka, mbali iliyonse idzatulutsa chikalata chake, zonse ziwiri zosayinidwa ndi dzanja limodzi.

Siginecha ya dijito imagwira ntchito mosiyana kwambiri. Pulogalamu imawerengera zonse zimene zili mu fayilo, n'kutulutsa nambala yaitali imene ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo. Njira yofala yowerengera imatchedwa SHA-256, ndipo chilembo chimodzi chokha chikasintha, nambala yonse imatuluka ina. Nambalayo imasayinidwa ndi kiyi wachinsinsi amene ali ndi wosayina yekha, ndipo zotsatira zake zimasungidwa m'kati mwa PDF pamodzi ndi satifiketi yokhala ndi dzina lake komanso kiyi wina, wapoyera, wotsimikizira. Wolandira akatsegula, pulogalamu yake imawerengeranso n'kufananitsa. Pa kontirakiti ya chimanga ija, 260 sangadutse: nambala ziwirizo zisiyana, ndipo kompyuta inena kuti chikalata chasinthidwa.

Kuchita zimenezi sikulira ndalama za pulogalamu, chifukwa Adobe Acrobat Reader yaulere imatha. Koma apa ndi pamene ambiri amasochera: batani lotchuka la Fill & Sign limangomata chithunzi kapena dzina lotayipa. Lofunika ndi Use a certificate, limene m'mapulogalamu akale limalembedwa Certificates. Munthu amasankha Digitally sign, n'kukoka kabokosi pamalo osayinira, n'kusankha satifiketi yake, kulemba pasiwedi, kenako kusunga fayilo. Chithunzi cha dzanja lake angathe kuchiika m'kabokosiko ngati akufuna, koma n'chokongoletsa chabe.

Nkhani yaikulu ndi kumene satifiketi yachokera. Pulogalamuyi imalola munthu kudzipangira yake pa mphindi zochepa, n'kuisunga mu fayilo ya .pfx kapena .p12. Satifiketi yotere imatetezadi chikalata kuti chisasinthidwe mobisa, koma siitsimikizira kuti mwini wake ndi ndani, popeza aliyense angalembemo dzina lililonse. Wolandira amaona chizindikiro chachikasu ndi mawu akuti At least one signature has problems. Anthu odziwana angathetse vutoli poimbirana foni, kuwerengerana nambala ya chidindo cha satifiketiyo, kenako n'kuivomereza pa kompyuta. Pa mgwirizano wa ndalama zambiri, makamaka ndi anthu akutali, n'kwanzeru kugula satifiketi ku kampani yodalirika imene imayamba yaona chiphaso cha munthu. Adobe ili ndi mndandanda wa makampani otere, wotchedwa AATL, ndipo kiyi wawo sakhala mu fayilo wamba: amasungidwa m'kachipangizo kooneka ngati fulashi kapena m'makina otetezedwa a kampaniyo. Pamenepo wolandira amaona mawu akuti Signed and all signatures are valid.

Uthenga woopsa ndi wa chizindikiro chofiira, At least one signature is invalid. Woterowo si wonyalanyaza. Atsegule Signature Panel, aone amene anasayina, nthawi yake, ndi zimene zachitika pambuyo pake.

Siginecha yabwinobwino imathanso kuwonongeka popanda wakuba. Kupulinta chikalata n'kuchisikana, kuchisunganso kudzera pa Print to PDF, kuchiphatikiza ndi masamba ena kapena kuchichepetsa kukula kuti chikwane pa imelo, zonsezi zimachotsa kapena kuphwanya siginecha, ngakhale kabokosi kaja kangamaonekebe. Choncho mawu onse akonzedweretu asanasayine woyamba. Wachiwiri asayine fayilo yomweyo, chifukwa PDF imawonjezera siginecha yatsopano kumapeto osakhudza yoyambayo. Tsiku nalo n'losamala nalo: ngati pulogalamu sinalumikizidwe ku seva yodinda nthawi, imangolemba nthawi ya pa wotchi ya kompyuta, imene mwini wake angaibweze m'mbuyo.

Ku Malawi, lamulo la mu 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limazindikira siginecha za pa kompyuta. Komabe wosayina nkhani ya malo kapena wilo ayambe wafunsa loya, chifukwa zikalata zina zili ndi ndondomeko yakeyake. Ndipo fayilo ya kiyi pamodzi ndi pasiwedi yake zisaperekedwe kwa mlembi kapena mnzake wa mu ofesi. Zikatayika, mwini wake auze kampani imene inapereka satifiketi tsiku lomwelo kuti iithetse.