Marezisita anayi okhazikitsa tiranzisita pakati

Wailesi kapena ampulifaya ikayamba kutulutsa mawu ophwanyika, ambiri amathamangira kusintha tiranzisita. Koma nthawi zina tiranzisitayo imakhala ilibe mlandu. Chimene chimakhala chitasokonekera ndi magetsi ochepa amene amayenera kuyenda mkati mwake nthawi zonse, ngakhale mawu asanalowe. Amisiri amawatcha bayasi.

Tiranzisita ya mtundu wa NPN, monga BC547 yopezeka m'zipangizo zambiri, ili ndi miyendo itatu: bezi, kolekita ndi emita. Karenti yochepa yolowa pa bezi ndiyo imalamulira karenti yambiri yoyenda kuchokera ku kolekita kupita ku emita. Ili ngati mpopi wa madzi. Wotsekeratu sungaupungulenso, wotsegula kotheratu sungauwonjezere. Kuti mawu akule osapotoka, tiranzisita iyenera kukhala yotseguka pang'ono, yokhoza kukwera ndi kutsika. Zimenezi zimatheka bezi ikakwera kuposa emita ndi mavolti pafupifupi 0.7, kolekita n'kukhala pamwamba pa bezi.

Njira yachidule ndi kulumikiza rezisita imodzi yokha kuchokera ku batire kupita ku bezi. Imagwira ntchito, koma sindingalangize munthu kuidalira. Vuto lake ndi beta, nambala yosonyeza kuti karenti ya kolekita imaposa ya bezi kangati. Matiranzisita a BC547, dzina lofanana, wina akhoza kukhala ndi beta ya 110 pomwe wina afika 800, ndipo nambalayi imakweranso tiranzisita ikatentha. Chipangizo chimene chimalira bwino m'mawa wozizira wa ku Dedza chikhoza kusasa mawu masana a mu Okutobala ku Nsanje.

Mankhwala ake ndi marezisita anayi. Tiyerekeze kuti tili ndi batire ya mavolti 12. R1 ya maomu 56,000 ichoke ku pozitivi kupita ku bezi, R2 ya 10,000 ichoke ku bezi kupita ku negetivi. Awiriwa agawana mavolti 12 aja motere:

```
VB = 12 × 10 / (56 + 10) = 1.8 V
VE = 1.8 − 0.7 = 1.1 V
```

Tsopano pa emita tiikepo RE ya maomu 1,000. Popeza pa rezisitayi pali mavolti 1.1, karenti yodutsamo ndi mamiliyampeya 1.1, ndipo ya kolekita ndi pafupifupi yomweyo. Taonani kuti beta sitinaitchule n'komwe. Yachinayi ndi RC ya maomu 4,700 pa kolekita, imene idya mavolti opitirira pang'ono 5, kolekita n'kutsala pa mavolti pafupifupi 7. Malo okwerera alipo, otsikira aliponso.

Chokoma kwambiri ndi zimene RE imachita kukatentha. Kutentha kukakwera digiri imodzi, mavolti ofunika pakati pa bezi ndi emita amatsika ndi mamilivolti pafupifupi 2, choncho karenti imafuna kuchuluka. Ikangochuluka, mavolti a pa RE amakwera. Koma bezi yagwidwa ndi R1 ndi R2, singasunthe kwambiri, motero mpata wa pakati pa bezi ndi emita umachepa ndipo karenti ija imabwezedwa. Tiranzisita imadziletsa yokha.

Kugwidwa kwa bezi kuli ndi lamulo lake: karenti yodutsa mu R1 ndi R2 iziposa ya bezi kakhumi kapena kupitirira. Pano ndi mamiliyampeya 0.18, pomwe bezi imatenga 0.01 beta ikakhala 100. Tikawerengera mosamala, beta ya 100 ipereka mamiliyampeya 1.03, ya 400 ipereka 1.10. Beta yachuluka kanayi, karenti yangosuntha pang'ono chabe. Ukasankha marezisita aakulu kwambiri pofuna kusunga batire, bezi imatsika ndipo beta imayambanso kulamulira.

RE ili ndi mtengo wake: mawu amakula pafupifupi ka 4.7 kokha, ndiko kuti RC kugawa ndi RE. Ndiye chifukwa chake amisiri amaika kapasita pambali pa RE, kuti mawu alambalale rezisitayo pomwe bayasi siisintha.

Pofufuza vuto, ikani chingwe chakuda cha malitimita pa negetivi ndipo yezani miyendo yonse itatu popanda mawu olowa. Kolekita ikawerenga 12, bezi ili pa ziro, tiranzisita yatsekeka ndipo kawirikawiri R1 ndiyo yaduka. Kolekita ikatsikira pafupi ndi emita, kusiyana kwake mavolti 0.2 kapena kucheperapo, yatseguka kotheratu, choncho yang'anani R2. Emita ikakhala pa ziro, kolekita n'kutsikiratu, kayikirani kapasita ija kuti yashota. Musanazule tiranzisita, yezani kaye malo atatuwa.