Mwana Wakumva Koma Wosayankha: Zofunika Kufufuza pa Ana a Osamuka

Akatswiri a zilankhulo ku America anaona kalekale kuti chilankhulo cha anthu osamuka chimatha pa mibadwo itatu. Joshua Fishman ndi amene amatchulidwa kwambiri pa mfundoyi: makolo amafika ndi chilankhulo chakwawo, ana amalankhula ziwiri, adzukulu amatsala ndi Chingerezi chokha. Wofufuza wanzeru sangatayenso nthawi kutsimikizira zimenezi. Funso lamoyo ndi lakuti chimene chimachitika m'nyumba n'chiyani kuti mwana amene amamva zonse asiye kuyankha.

Annick De Houwer anafunsa mabanja 1,899 a ku Flanders m'dziko la Belgium, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. M'mabanja onsewo munkalankhulidwa chilankhulo china kuwonjezera pa Chidatchi, koma pafupifupi banja limodzi mwa anayi alionse linalibe mwana wochilankhula. Kumene makolo onse awiri ankagwiritsa ntchito chilankhulo chakwawo, ana ambiri ankachigwira. Kumene kholo limodzi lokha linkachilankhula, uku likusakanizanso ndi Chidatchi, nthawi zambiri chinkathera pa makolo pomwepo.

Kafukufukuyu ndi wabwino, koma amawerenga anthu awiri okha, bambo ndi mayi, chifukwa ndimo mabanja a ku Ulaya aliri. Kwathu mwana saphunzira kulankhula kwa makolo okha. Amakulira kumsana kwa achemwali ake, amatumidwa ndi azakhali, amamva nthano kwa agogo, amakangana ndi anzake pa phada. Banja la ku Zomba likasamukira ku Leeds, khamu lonseli limatsala, ndipo ntchito imene ankagwira anthu khumi imagwera mayi amene wabwera m'mawa atatopa ndi ntchito ya usiku. Pano pali mutu woyamba: kodi agogo akabwera kudzakhala miyezi ingapo, kapena akamaimba foni ya kanema sabata iliyonse, Chichewa cha mwana chimasintha motani? Onjezani apa kuti bambo akhoza kukhala Mtumbuka, mayi Myao, Chichewa n'kukhala chongokumanirapo. Ofufuza akunja kawirikawiri amaganiza za chilankhulo chimodzi chakumudzi, osati zitatu zopikisana.

Tisaiwale kuti nkhaniyi tinaiona kale pakhomo pathu. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ali ndi chilankhulo chawo, koma atakwatira akazi a m'madera amene anagonjetsa, ana anatengera cha amayi awo. Lero Mngoni wa ku Ntcheu amalankhula Chichewa, wa ku Mzimba Chitumbuka, ngakhale ingoma ikuvinidwabe. Ku Zimbabwe, zidzukulu za Amalawi amene anapita kumigodi ndi kumafamu zambiri zinatengeka ndi Chishona ndi Chindebele, pamene gule wamkulu akutulukabe ndipo malamulo a dzikolo a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Bwanji gule amapirira kuposa chilankhulo? Ine ndikanakhala wophunzira wofuna mutu, ndikanayambira pamenepa.

Nanga kutayikako kumayezedwa bwanji? Kufunsa kholo kuti "Kodi mwana wanu amalankhula Chichewa?" n'kudzinamiza, chifukwa aliyense amayankha kuti "amamva ndithu". Njira yodalirika ndi kujambula mawu pa nthawi ya chakudya chamadzulo kwa masiku angapo, kenako n'kuwerenga kuti mwana analankhulidwa kangati m'Chichewa, ndipo anayankha kangati m'Chichewa. Mvetserani zimene zimachitika mayi akati "Watha kudya?" mwana n'kuyankha m'Chingerezi. Elizabeth Lanza, amene anafufuza mabanja a ku Norway, anasonyeza kuti kholo likangopitiriza nkhani ngati palibe chachitika, mwana amaphunzira kuti kumva n'kokwanira. Likafunsanso ngati silinamve, mwana amakakamizika kusaka mawu.

M'Chichewa wofufuza ali ndi zizindikiro zapafupi zoti ayang'ane. Mgwirizano wa mawu ndi chimodzi: mwana akamati "chipewa yanga" kapena "mabuku zanga", magulu a mayina ayamba kumusokonekera. China ndi ulemu. Mwana wokulira ku London, kumene mawu amodzi okha amagwira ntchito kwa mnzake ndi kwa mfumu yomwe, amatha kufunsa agogo ake kuti "Uli bwanji?" Achibale amaseka, ena amakalipa, ndipo mwanayo ulendo wina amangoti zii. Manyazi oterewa ndi mutu wofufuza pawokha.

Boma nalonso lili ndi gawo. Ku Sweden, mwana wa osamuka amatha kuphunzira chilankhulo cha makolo ake kusukulu ngati m'boma laling'ono limene akukhala muli ana osachepera asanu ochifuna ndipo mphunzitsi wapezeka. Ku Britain ntchitoyi imasiyidwa m'manja mwa makolo ndi mipingo, monga sukulu za Loweruka za anthu a ku Poland. Wofufuza wathu akafuna gulu loyerekezera nalo ana a ku Leeds, sayenera kupita kumudzi kokha. Apitenso kusukulu zolipira za ku Lilongwe ndi Blantyre, kumene kuli ana amene sanakwerepo ndege koma amayankha agogo awo m'Chingerezi.